Ndowa ya mgaiwa inatsala pang'ono kundiphera ng'ombe ya mkaka

Ndalemba izi chifukwa cha alimi anzanga amene mumaweta ng'ombe za mkaka za m'khola ngati ife kuno ku Thyolo, komanso inu amene muli ndi mbuzi pakhomo. Chimanga chomwechi timadya tsiku ndi tsikuchi chikhoza kupha ng'ombe yathanzi bwinobwino pasanathe masiku awiri kapena atatu, osati chifukwa choti chaola kapena muli mankhwala ayi, koma kungoti yadya chambiri mwadzidzidzi mimba yake isanazolowere. Yanga inapulumuka koma movutikira kwambiri, ndipo zina zimene zinaonongeka nthawi imeneyo sizinakonzekenso.

Ng'ombe yathu ndi yachizungu yosakaniza, yakuda ndi yoyera ija, yolemera mwina makilo 400. Inaswa mu Okotobala, nthawi imene nsenjere imakhala itatheratu kumunda ndipo udzu timachita kukamweta kudambo kutali, kamtolo kamodzi mpaka dzuwa kufika pamutu. Masiku onse inkadya udzu umenewo ndi mapesi, ndiye madeya timaipatsa pang'ono, ngati makilo awiri patsiku. Itaswa inkatulutsa malita 12, koma inkaonda ukuiona, nthiti kuchita kuwerengeka, ndipo ine mtima unkandipweteka ndikamakama. M'nyumba munali thumba la chimanga cha chaka chatha chimene anankafumbwe anali atayamba kuchiboola, ndiye tinagwirizana ndi abambo akunyumba kuti tikachigayitse mgaiwa tizipatsa ng'ombe ibwerere thupi, mkakanso uwonjezeke. Mmawa ndinaithirira theka la ndowa ya malita 20 ija, ndikusakaniza ndi madzi, inamaliza yonse mpaka kunyambita m'chodyeramo. Madzulo ndinaipatsa theka linalo. Ndowa yodzadza ufa imapitirira makilo 10, tsono taonani, chiweto chimene chimadya makilo awiri a madeya chadya makilo oposa 10 a ufa wa chimanga tsiku limodzi, m'mimba mulibe udzu wokwanira. Udzu wa tsiku limenelo inangoununkhiza basi, ife nkumati yakhuta.

Mawa lake mmawa ndinaipeza itangoima pakona mutu uli pansi. Mkaka unatsika, ndowa yokamira siinafike ndi theka lomwe. Chimene ndinaona koma osachiganizira ndi chakuti siinkabzikula. Ng'ombe yabwino ikakhala phee kukamwa kumakhala kukuyenda, imatha maola mwina 8 patsiku ikungobzikula, ndiye mukaiona yaima kapena yagona nthawi yaitali kukamwa kuli zii, dziwani kuti m'mimba zinthu zaima kale. Chimenechi ndiye chizindikiro choyamba, chimabwera mimba isanatupe, isanayambe kutsegula, ndipo nthawi imeneyo ndi imene thandizo limakhala losavuta komanso lotchipa. Ife tinaganiza za matenda a nkhupakupa poti ndi amene timawaopa kuno, tinati tione kaye mmene itandalire.

Masana inayamba kumwa madzi modabwitsa. Ndinkatunga ndowa, kumaliza, kutunganso ina, kumaliza, ine nkumasangalala kuti bola ikumwa. Pofika madzulo mbali ya kumanzere, pamene pamakhala polowa m'kati kuseri kwa nthiti yomaliza paja, panadzadza mpaka kutukuka kuposa msana. Inkakukuta mano, kubuula, pena kudzimenya pamimba ndi mwendo wakumbuyo. Usiku inayamba kutsegula m'mimba, ndowe zamadzimadzi zotuwa, zokhala ndi thovu, fungo lake lowawasa loti khola lonse limamveka, osati fungo la ndowe timalidziwa lija ayi.

Tinaimbira alangizi a ziweto koma anali kutali, anati njinga yamoto ilibe mafuta ndipo usiku umenewo sakanatha kufika, abwera kukacha. Funso lawo loyamba silinali la nkhupakupa, anangoti, "Mayi, yadya chiyani dzulo ndi dzana?" Nditawauza za mgaiwa anakhala kaye chete, kenako anati chotsani madzi onse m'kholamo, chotsani ufa ndi madeya, ikani udzu wouma wokha, ndipo musailole kugona chammbali. Anati ngati tili ndi mafuta ophikira tiimwetse mamililita 300 pang'onopang'ono, mutu usapenyetsedwe kumwamba kuopa kuti mafuta angapite kumapapo.

Usiku umenewo sitinagone. Achimwene ena oyandikana nafe anabwera ndi mpeni, amati tiibaye pamimba mpweya utuluke, iwo anaonapo zikuchitika. Abambo akunyumba anakana, anati alangizi anena kuti tibaye pokhapokha ikayamba kubanika, lilime kunja, kukamwa yasaa, ikufuna kugwa. Siinafike pamenepo. Tinkaidzutsa, kuiyendetsa pang'onopang'ono kuzungulira khola, kuiimika miyendo yakutsogolo pamalo okwera, ine ndikusisita mbali yotupayo. Ndinalira, sindibisa. Ng'ombe imeneyi ndi imene imalipira fizi ya ana, ndi imene timagulira feteleza, ndipo kamwana kake kanali kakulira m'khola lina kufuna kuyamwa.

Alangizi anafika dzuwa litakwera. Ndinkayang'anitsitsa chilichonse chimene ankachita, ndiye ndikufotokozereni poti zambiri mlimi akhoza kuchita yekha. Anayeza kutentha kwa thupi, kunali 38, anati ikanakhala nkhani ya nkhupakupa bwenzi thupi likutentha mpaka 40 kapena kupitirira, ndipo ng'ombe imene yadya chimanga chambiri thupi limakhala bwinobwino kapena kuzizira kumene. Anatsina chikopa cha pakhosi, chinakhala chiimire osabwerera msanga, maso nawo anali atalowa m'kati. Kenako anakanikiza chibakera pamalo otupa aja kumanzere nkukhala choncho mphindi ziwiri akuyang'ana wotchi. Anandiuza kuti ndiikenso dzanja langa. Panalibe chimene chinkayenda. Anati pa ng'ombe yabwino mumamva chifu chikukankha dzanja lanu kenako nkubwerera, kamodzi kapena kawiri pa mphindi iliyonse, ndipo mukaika khutu mumamva kugunda kwa m'kati. Atakankha mwamphamvu chammunsi mwa mimba munkamveka madzi kuti khuvu khuvu.

"Mayi, madzi onse munaipatsa aja ali umu," anatero. "Ng'ombe yanu mimba yadzadza madzi koma thupi lake lauma."

Apa ndi pamene anandifotokozera za chifu cha ng'ombe, ndipo pambuyo pake ndinafunsanso zambiri kwa iwo ndi alimi ena akale mpaka ndinazimvetsa. Mukapita pamsika pamene amapha ng'ombe kapena mbuzi mumaona kuti chifu chili ndi zigawo zinayi. Chachikulu kwambiri chija, chimene amakhuthula udzu wobiriwira, m'kati mwake muli tinthu tambirimbiri tosongoka tofewa, ndicho alangizi amachitcha lumeni. Chimakhala mbali ya kumanzere ndipo pa ng'ombe yaikulu mumalowa malita oposa 100. M'menemo ng'ombe siigaya chakudya yokha. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteliya ndi tina, tochuluka zedi, ndipo ndi timeneti timene timaphwanya udzu. Tikamadya udzuwo timatulutsa ma asidi ofatsa amene amalowa m'magazi kudzera pa tinthu tosongoka tija, ndiye ma asidi amenewo ndi amene amapatsa ng'ombe mphamvu ndi mafuta a mu mkaka. Kunena kwina, mukamathira chakudya m'chodyeramo oyamba kudya ndi tizilomboto, ng'ombe imadya zimene tizilombo tapanga.

Tsono kuti asidi asachuluke ng'ombe ili ndi njira yake, malovu. Ng'ombe yaikulu imameza malovu oposa malita 100 patsiku, ndipo m'malovu ake muli soda, yemweyu timathira mu therere. Malovu ambiri amatuluka pamene ikutafuna ndi kubzikula, ndipo chimene chimachititsa kuti ibzikule ndi udzu wautali wokhakhala umene umakanda m'chifu. Ufa sufuna kutafuna, makamaka wosakaniza ndi madzi ngati mmene ndinachitira ine, umangotsetsereka. Ndiye tsiku lija chifu chinalandira chakudya chopanga asidi wambiri koma malovu ochepetsa asidiyo anali ochepa.

Chimene chimachitika m'katimo ndimachiyerekeza ndi thobwa limene mwalisiya mu mtsuko pamalo otentha, poyamba lokoma, kenako layamba kuwira, mawa lake lasasa loti simungamwe. Tizilombo ta m'chifu tili m'magulu, ambiri ndi odya udzu, odya ufa amakhala ochepa ngati chiweto sichinazolowere chimanga. Ufa ukalowa wambiri nthawi imodzi, gulu lina la mabakiteliya odya ufa limaswana mwachangu kwambiri, m'maola ochepa chabe, ndipo asidi amene limatulutsa ndi wina, waukali, amati lakitiki. Alipo mabakiteliya ena amene ntchito yawo ndi kudya lakitiki ameneyu, koma iwo amaswana pang'onopang'ono, amafuna masabata kuti achuluke. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mawu oti mwadzidzidzi. Ng'ombe yozolowera imatha kudya makilo angapo a chimanga osadwala chifukwa odya lakitiki alimo okwanira, pamene yosazolowera mlingo womwewo umaigwetsa. Asidi akachuluka odya udzu aja amayamba kufa, odya lakitiki nawo amafa, kumatsala okhawo opanga lakitiki amene asidi sawaopsa, ndiye zinthu zimangoipiraipira zokha ngakhale musaipatsenso ufa wina. Matendawa alangizi amawatcha asidosisi.

Alangizi analowetsa paipi kudzera kukamwa mpaka m'chifu. Munatuluka mpweya pang'ono, kutupa kwa pamwamba kunaphwerako, kenako atatsitsa mutu wa ng'ombe munatuluka madzi otuwa a ufa, onunkha mowawasa. Anaviikamo kapepala koyezera asidi nkukayerekeza ndi mitundu ya pa paketi. Muyeso wake amati pH, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akukwera. Chifu cha ng'ombe yodya udzu chimakhala pakati pa 6 ndi 7. Chikatsika pansi pa 5.5 mavuto ayamba, chikafika pa 5 kapena kutsikirapo ndiye ngozi yeniyeni. Yathu inali cha pa 5.

Za madzi zija anandifotokozera motere. Ufa ukasungunuka nkusanduka shuga ndi asidi wambiri chonchi, za m'chifu zimakoka madzi kuchokera m'magazi kulowa m'chifumo. N'chifukwa chake chiweto chimamva ludzu loopsa, maso kulowa, chikopa kuuma, pomwe mimba ili thoo. Mukaipatsa madzi ochuluka nthawi imodzi sapita m'thupi, amangowonjezera kutupa ndi kufalitsa ufa uja m'chifu monse. Ndikanadziwa izi tsiku loyamba lija bwenzi nditachotsa madzi, chifukwa malangizo ake ndi oti chiweto chimene chadya chimanga chambiri chisamwe momasuka kwa maola 12 mpaka 24, kenako muzichipatsa pang'onopang'ono. Asidi wina amalowanso m'magazi, ndipo ameneyo pamodzi ndi kuuma kwa thupi ndi amene amafooketsa chiweto mpaka kumadzandira, kugwa, kenako kufa.

Nanga kutupa kumabwera bwanji? Tizilombo tikamagwira ntchito timatulutsanso mpweya, ndipo ndi wambiri, pa ng'ombe yaikulu ikangodya umatha kufika malita 30 mpaka 50 pa ola limodzi. Tsiku lonse ng'ombe imakhala ikugeya mwakachetechete, ife sitimva nkomwe. Koma kuti igeye pamafunika chifu chiziyenda, chizikankhira mpweya kukhosi. Asidi akachuluka chifu chimaleka kuyenda, monga ndinamvera ndi dzanja langa lija, ndiye mpweya umangounjikana pamwamba. Kumeneku ndi kutupa kwa mtundu woyamba, mpweya uli paokha, mukamenya ndi chala pamwamba pamamveka kuti m'kati muli mphako, ndipo paipi ikalowa umatuluka kuti fuu nthawi yomweyo. Mtundu wachiwiri ndi wa thovu. Mabakiteliya odya ufa aja amatulutsa zinthu zonanda, ndiye zikasakanikirana ndi ufa wosalala mpweya umakodwa m'tinthovu tating'onoting'ono, ng'ombe singathe kugeya thovu, paipinso imangotsekeka. Mafuta ophikira amathandiza pa mtundu wa thovuwu chifukwa amaphwanya thovu, koma sachotsa asidi ngakhale pang'ono. Ndikunena izi chifukwa ambiri akamwetsa mafuta mimba nkuphwerako amati basi yachira, pomwe chimene chikupha chiweto chikadali m'kati.

Kutupa kukakula chifu chimapanikiza mapapo, chiweto chimafa ndi kubanika, ndipo izi zimatha kuchitika mofulumira kuposa asidiyo. N'chifukwa chake kubaya kuli ndi nthawi yake, sindikunena kuti achimwene aja amanama. Alangizi anationetsa malo ake, kumanzere kokha, pakati pa malo a makona atatu amene ali pakati pa nthiti yomaliza, fupa la m'chiuno ndi mafupa a msana, ndipo iwo ali ndi chitsulo chake chokhala ndi kapaipi kamene kamatsala pabalapo kuti mpweya uzituluka. Koma pa ng'ombe yathu chimene chinadzadza kwambiri chinali madzi a asidi, mpweya unali wochepa pamwamba, ndiye mpeni ukanangoboola nkutayira zoipazo m'kati mwa mimba, bala nkuyamba kuola. Kubaya ndi kwa pamene mukuona kuti ikufa tsopano lino, ndipo mukabaya muitanebe alangizi adzasamale balalo.

Asanayambe mankhwala anatikhazika pansi ine ndi abambo akunyumba. Anawerenga kugunda kwa mtima, kunali pafupi ndi 100 pa mphindi. Anati ikanakhala itagona osadzuka, thupi litazizira, mtima ukupitirira 120, akanatiuza kuti tiitane ogula nyama nthawi yomweyo, chifukwa yofika pamenepo imafuna madilipi ambiri a mumtsempha kapena kung'amba chifu nkuchotsa ufa wonse, zinthu zimene kumudzi kuno sizipezeka msanga. Anatichenjezanso kuti akangoibaya jakisoni wa penisilini ndiye kuti nyama yake singagulitsidwe mpaka masiku a mankhwala atatha, ndiye ikafa pakatipo tataya zonse. "Bambo, mayi, ganizani bwino, ine ndikuona kuti mwayi ulipo poti ikuimabe yokha, koma sindingakulonjezeni." Tinayang'anana, abambo anati yesani achikulire.

Anatituma kugolosale kukagula soda wa therere, mapaketi ambirimbiri mpaka wogulitsa anadabwa. Mlingo wake anati galamu imodzi pa kilo iliyonse ya kulemera kwa chiweto, ndiye yathu magalamu 400, koma sanathire onse nthawi imodzi. Anayamba atulutsa madzi owawasa aja ochuluka momwe akanathera kudzera pa paipi, kenako anasungunula theka la soda m'madzi ofunda nkuthira kudzera pa paipi yomweyo, theka linalo madzulo. Chifukwa chake n'chakuti soda akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya, ndiye pa chiweto chimene sichikugeya mukathira wambiri nthawi imodzi mumawonjezera kutupa. Ndipo chonde, ndi soda wophikira yekha, osati wopangira sopo uja, ameneyo amaotcha. Anaibaya penisilini kuti mabakiteliya asalowe m'thupi kudzera m'zilonda za m'chifu, ndi jakisoni wa vitamini B1, poti vitamini ameneyu amapangidwa ndi tizilombo ta m'chifu tomwe tafa tija ndipo akasowa chiweto chimachita khungu nkumapenyetsa mutu kumwamba.

Chimene chinandidabwitsa ndi cha mawa lake. Anati asidi tachepetsa koma m'chifu mulibe ogwira ntchito, tikatenge ena. Linali tsiku la msika, abambo analawirira ndi ndowa yovindikira kupita pamene amaphera ng'ombe, anapempha za m'chifu za ng'ombe yabwinobwino imene yangophedwa kumene, udzu wobiriwira uja amangotaya uja. Anathamanga nazo pa kabaza zikadali zofunda, chifukwa tizilomboti sitifuna kuzizira ndiponso sitifuna mpweya wa panja, zikakhalitsa timafa. Tinasefa pa chitenje chochapa bwino, tinapeza madzi obiriwira okwana malita 5 kapena kuposerapo pang'ono, alangizi nkuthira pa paipi. Anati ng'ombe yaikulu ikanalandira ngakhale 10 kapena kuposa zikanakhala bwino, ndiye tinabwerezanso tsiku lina la msika. Osathira zimenezi asidi asanachepe, tizilombo tatsopanoto tikafikira kufa.

Masiku otsatira anali odikira basi. Madzi tinkaipatsa pang'onopang'ono pafupipafupi, m'chodyeramo muli udzu wouma wokha. Inkangoyang'ana. Kenako inayamba kutola kaudzu kamodzikamodzi, ndowe zinayamba kulimbako, ndipo mmawa wina ndikusesa m'khola ndinaona kanthu kakukwera pakhosi pake, kenako kukamwa kunayamba kuyenda. Ndinasiya tsache nkuthamangira kukaitana abambo kumunda. Nditaika chibakera kumanzere kuja ndinamva chifu chikukankha, mofooka koma chikukankha.

Tsono za ndalama ndinene zoona. Mafuta a njinga ya alangizi maulendo onse, majakisoni, soda, kabaza, zonse pamodzi tinagulitsa mbuzi imodzi yaikulu ndipo siinakwane, tinakongolanso kubanki mkhonde. Mkaka wa masiku onse a penisilini ndi masiku odikira pambuyo pake sitinapite nawo kogulitsa, poti mkaka wa mankhwala saloledwa ndipo ukhoza kuonongetsa wa anzanu onse mu thanki. Koma chachikulu ndi mkaka umene sunabwerenso. Kuchoka pa malita 12 inatsika mpaka kungotsala wa kamwana, kenako inakwera pang'onopang'ono nkukaima pa 7, mpaka pamene inaleka kutulutsa mkaka siinapitirirepo. Inachedwanso kutenga bere lina ndi miyezi ingapo. Thumba la chimanga lija tikanangoligulitsa motchipa kwa oweta nkhumba bwenzi titapindula.

Ndiye tikuti zatha, inayamba kutsimphina. Inkayenda monyang'ama, miyendo yonse, kukonda kugona, ziboda zikutentha ukazigwira. Alangizi anati ndi zotsatira za asidi yemweuja, poizoni wochokera ku mabakiteliya amene anafa m'chifu amasokoneza kayendedwe ka magazi m'ziboda. Tinathira utuchi ndi udzu wambiri pogona kuti isamaponde pa simenti, anaipatsa mankhwala ochepetsa ululu, ndipo patapita miyezi pa ziboda panaoneka mizere yopingasa, china chinakula mokhota moti amachita kuchisenga nthawi ndi nthawi. Anatiuzanso kuti asidi amaotcha khungu la m'kati mwa chifu, tinthu tosongoka tija timanyuka, ndiye mabakiteliya amatha kudutsa pazilondapo nkukapanga zithupsa m'chiwindi. Zimenezo sizioneka kunja, chiweto chimangokhala chosanenepa bwino, ena amadzaziona tsiku lopha. Ndi chifukwa chake ng'ombe ikadzuka pa matendawa musafulumire kunena kuti yachira, muziiyang'anira masabata angapo.

Pobwezeretsa madeya tinatsata zimene anatilembera pa kapepala, ndipo ndi zomwezo ndimachita mpaka pano pa ng'ombe iliyonse. Tinayamba ndi theka la kilo patsiku, titaona kuti yatha sabata ikudya udzu bwino ndi kubzikula. Pakapita masiku awiri kapena atatu timawonjezera theka lina la kilo, choncho choncho, moti kuti ifike pa mlingo wonse pamatenga masabata awiri kapena atatu, nthawi imene tizilombo todya lakitiki timafuna kuti tichuluke. Mlingo wa tsiku timaugawa kawiri kapena katatu, ndipo pa nthawi imodzi sindipitirira makilo awiri. Udzu umayamba ndiwo, madeya pambuyo, ndipo udzuwo sitiudula tating'ono kwambiri, uzikhala wautali ngati chala kapena kuposa kuti izitafuna. Ndinagula kasikelo kokoleka kaja chifukwa ndowa ndi beseni zimanamiza, madeya ndi opepuka pomwe mgaiwa ndi wolemera, beseni lomwelo kulemera kosiyana. Ngati ng'ombe ili ndi bere, kuzoloweza kumayamba masabata atatu isanaswe, osati kudikira iswe kenako nkuiunjikira. Ndipo ikadumpha tsiku osadya, kaya inadwala kaya madeya anatha kwa sabata, sitiyambira pamene tinalekezera, timabwerera m'mbuyo.

Madeya enieniwo muziwayang'ana musanathire. Ena akuchigayo amabwera oyera, odzadza ndi ufa ndi misere, amenewo mphamvu yake ili pafupi ndi mgaiwa, si ofanana ndi a makoko okhaokha. Chimanga chogaya mosalala ndi choopsa kuposa chongophwanya, chophika ngati nsima yotsala pa ukwati kapena pamaliro ndiye chimasasa msanga kuposa zonse. Mbatata, chinangwa, nthochi zakupsa ndi mango ogwa okha zikadyedwa zambiri nthawi imodzi zimachitanso chimodzimodzi poti ndi sitalichi ndi shuga yemweyo. Palinso asidi wapang'onopang'ono amene sagwetsa chiweto, ng'ombe imadya bwino lero mawa nkukana, ndowe pena zolimba pena zamadzi za tinthovu, mkaka kupyapyala. Mukaona zimenezo chepetsani madeya, onjezerani udzu.

A mbuzi inu, nyengo yanu yoopsa ndi yokolola, chimanga chili pa mkeka, ufa uli poyanika, nkhokwe ili yotsegula. Mbuzi ili ndi chifu chofanana ndi cha ng'ombe, kungoti chaching'ono, ndiye mbale imodzi yaikulu ya ufa ndi yokwana kuigwetsa. Mukaipeza ili pa thumba musadikire kuti muone ngati idwale, chifukwa zizindikiro zimachedwa, zimayamba kuoneka pakapita maola 12 mpaka 36 pomwe asidi anayamba kale kupangika. Ichotseni pamenepo, imangireni kutali ndi madzi tsiku limenelo, ipatseni udzu wouma kapena masamba, iyendetseni pafupipafupi, ndipo imbirani alangizi nthawi yomweyo muwauze zimene yadya, kuchuluka kwake ndi nthawi imene inadya. Soda mlingo ndi womwewuja, mbuzi ya makilo 25 magalamu 25 m'madzi ofunda mogawa kawiri, ndipo ikatupa mafuta ophikira mamililita 50 mpaka 100 ndi okwana. Pomwetsa botolo lilowe chammbali mwa kamwa, pang'onopang'ono, ikatsokomola imani kaye, ndipo imene yagona kale yosatha kumeza musaimwetse kanthu ndi botolo. Ngati zinalowa zingapo pa thumba limodzi muzisamale zonse, ndipo muyang'anitsitse kwambiri yaikulu yolanda zinzake chakudya ija, nthawi zambiri ndi imene imakhala itadya kwambiri.